Ndalama za oda zikapita pa nambala ya munthu wina

Tiyerekeze mayi wa ku Mzimba amene waitanitsa belo la kaunjika kwa wogulitsa wa ku Limbe. Agwirizana K185,000, katundu akwera basi ya madzulo. Nambala ya wogulitsayo imathera ndi 47, koma chala cha mayiyo chadina 74. Dzina linaoneka pafoni asanaike pini, koma iwo sanaliwerenge, poti wogulitsayo amamudziwa ndi dzina la shopu basi. Patatha mphindi makumi awiri, wa ku Limbe akuimba: “Mayi, kuno sizinafike.”

Chofunika kudziwa msanga n’chakuti kampani ya foni ingathe kugwira ndalama zokhazo zimene zikadali mu akaunti ya wolandirayo. Zikatapidwa kwa ejenti, zikatumizidwa kwina, kapena zikagulidwa mayunitsi a magetsi, kampaniyo ilibenso chogwira. Choncho mayiwa ali pa liwiro ndi munthu amene sakumudziwa, yemwenso foni yake yalira kale kumuuza kuti kwalowa ndalama.

Ambiri zikatere amathamangira kuimbira nambala yolakwikayo. Ine ndimati ayi, yambani mwaimbira kampani: 121 ngati munatumiza pa Airtel Money, 105 ngati ndi Mpamba ya TNM. Imbani pa nambala yomwe munatumizira ndalamayo, chifukwa adzafuna kutsimikiza kuti akulankhula ndi mwini akaunti. Musanaimbe, tsegulani meseji yotsimikizira ija ndipo mulembe papepala nambala yayitali ya Transaction ID, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, nambala imene yalandira ndi imene mumafuna kutumizako. Mukamalankhula pafoni yomweyo n’kovuta kubwereranso ku meseji, makamaka pa kafoni ka mabatani. Pemphani zinthu ziwiri: kuti ndalamazo zigwidwe kaye, ndiponso kuti akupatseni nambala ya dandaulo lanu. Pini yanu musauze aliyense, ngakhale amene akuti ndi wa kampani. Kubweza ndalama sikufuna kuti munene pini yanu pakamwa.

Chifukwa chiyani kampani singangobweza pomwepo? Taganizani mutakhala kumbali inayo. Wogulitsa walandira ndalama, wakweza belo m’basi, ndiye wogula akuimbira kampani kuti ndalakwitsa nambala, ndalama n’kubwerera. Malonda angathe tsiku lomwelo. N’chifukwa chake kawirikawiri kampani imafunsa kaye wolandirayo kuti avomereze. Akavomera ndipo ndalama zilimo, nkhani imatha mosavuta. Akakana, kapena foni yake ikakhala yozima, m’pamene imayamba kutalika.

Dandaulo likalembedwa, tsopano mutha kumuimbira munthuyo. Apa m’pofunika ulemu, ndipo musadabwe akakudulirani foni. Amalawi atopa ndi akuba amene amatumiza meseji yabodza yooneka ngati ndalama zalowa, kenako n’kuimba ndi mawu achisoni kuti, “Pepani bwana, ndi za kuchipatala, ndibwezereni.” Mawu amene inu mukunena moona ndi omwewo amene wakuba amanena. Choncho musamuuze kuti akutumizireni. Muuzeni kuti, “Bambo, onani balansi yanu nokha. Musanditumizire kanthu, a kampani akakufunsani, mungovomera kuti azibweze.” Munthu wachilungamo savutika kuvomera zimenezi, chifukwa sakuika ndalama zake pachiswe. Njira imeneyi imamutetezanso: akatumiza yekha, kenako kampani n’kubwezanso, angapezeke wataya kawiri. Mukamaliza kulankhula, mutumizireni meseji yonena zomwezo, kuti pakhale umboni woti anadziwitsidwa ndiponso nthawi yake. Kutukwana ndi kuopseza kumangomupatsa chifukwa chozimitsa foni.

Tibwerere kwa mayi wa ku Mzimba. Tinene kuti pofika nthawi imene akuimba, wolandirayo watapa kale K100,000. Zimene kampani ingagwire ndi zotsala, ndipo sizikwana n’komwe K85,000, chifukwa chodula potapa chachoka momwemo. Nthawi zina munthuyo sanakhudze kanthu, koma anali ndi ngongole ya pafoni, ndipo makina adula okha ndalama zitangolowa. Iye angalumbire moona kuti sanatape, komabe ndalama zachepa. Chodula potumiza chimene mayiwo analipira asachiwerengerenso. Chimenecho achione ngati chapita.

Pali msampha wina umene umagwira anthu ambiri a kumudzi: kutumiza kudzera kwa ejenti. Mwapereka ndalama m’manja, mwatchula nambala, ejenti waika mu akaunti ya munthuyo. Kwa kampani, wotumiza ndi ejenti, osati inu. Meseji ili mufoni yake, Transaction ID ili kwa iye, ndipo dandaulo liyenera kuchokera pa nambala yake. Mukazindikira cholakwika bwererani pa kauntala pomwepo, ndipo musachoke mpaka aimbe inu mukumva. Koperani Transaction ID, ndipo onani zimene walemba m’buku lake. Mkangano woti analakwitsa ndani, wotchula kapena wodina, umathetsedwa ndi pepala: amene analemba nambala papepala n’kupereka ali ndi pogwira, amene anangoitchula pakamwa alibe.

Ngati ndalama zinachoka ku banki kupita pafoni, kapena ku Airtel Money kupita ku Mpamba, dandaulani kumene zinachokera. Iwowo ndi amene alembera anzawo a mbali inayo, ndipo poti nkhani yadutsa m’maofesi awiri, imachedwerapo.

Nanga wogulitsa wa ku Limbe? Iye sanalipidwe, ndipo alibe mlandu, pokhapokha ngati nambala yolakwikayo analemba ndi iyeyo. N’chifukwa chake meseji imene anakutumizirani nambala isafufutidwe. Muuzeni zoona msanga, mumuonetse meseji ya kampani, mumupemphe akusungireni katundu masiku angapo. Musalipire kachiwiri ndi mtima woti zoyambazo zibwera mawa, pokhapokha ngati mungapirire zitapanda kubwera. Koma ngati nambala munadina bwinobwino, ndalama zafika, ndipo wogulitsa wangozima osatumiza katundu, kumeneko sikulakwitsa nambala. Ndi chinyengo, ndipo muchinene ndi dzina lake lenileni ku kampani ndi kupolisi. Mukanama kuti munalakwitsa, wolandirayo adzangoonetsa macheza anu n’kukutsutsani.

Wolandira akakana kapena akathawa, pitani ku ofesi ya kampani ndi chiphaso chanu cha unzika ndi nambala ya dandaulo ija, kenako kupolisi. Kuyambira mu 2018 simu khadi iliyonse m’Malawi imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, choncho kampani imadziwa dzina limene lili pa nambalayo, koma singakupatseni inu mbiri ya kasitomala wina. Imapereka kwa apolisi kapena khoti potsata malamulo. Vuto n’lakuti dzina lolembetsa si nthawi zonse limakhala la wogwiritsa ntchito foniyo, poti ena amayendera simu ya mlongo wawo kapena ya malemu. Munthuyo akapezeka, mungamusumire kukhoti la majisitireti kuti abweze. Ngati vuto ndi kampaniyo, yangokhala chete osakuyankhani, dandaulo lipite molemba ku Banki Yaikulu ya Malawi, imene imayang’anira ndalama za pafoni. Pa K185,000 ulendo wonsewu ndi woyenera kuuyenda. Pa K5,000, transipoti yopita kupolisi kawiri yokha ingadye ndalama zonsezo, ndipo ambiri amalekera pa foni ija ya ku kampani.