Kuchoka pa choko kupita ku ofesi yoona za ogwira ntchito: konzani sivi yanu

Mphunzitsi akafuna ntchito ku ofesi yoona za ogwira ntchito, kawirikawiri amatumiza sivi yomwe ija analemba potuluka ku koleji. Imatchula makalasi amene waphunzitsa, maphunziro amene amawadziwa bwino ndi chiwerengero cha ana amene anakhoza mayeso. Zonsezi n'zoona, koma wolemba ntchito akufunafuna zina: kodi munthuyu anayang'anirapo akuluakulu anzake, anasungapo mafailo awo, anaweruzapo mlandu wa pantchito motsata ndondomeko? Aphunzitsi ambiri anazichitapo izi, kungoti sazilemba.

Tiyerekeze mayi amene waphunzitsa zaka 9 pa sekondale yoyendera, ndipo zaka 3 zomalizazo wakhala wachiwiri kwa hedi. Pa sivi yake yakale mzere woyamba ukuti: "Ndimaphunzitsa Chingerezi Fomu 3 ndi Fomu 4, kulemba masikimu ndi kuchonga mayeso." Za uwachiwiri wake pali mawu awiri okha kumapeto.

Asanalembe chatsopano, mayiyu atenge chilengezo cha ntchitoyo n'kudula mzere pansi pa chilichonse chimene abwanawo akufuna, monga kusunga mafailo, kuwerengera masiku a tchuthi, kulandira ogwira ntchito atsopano ndi kuthandiza pa milandu ya mwambo. Kenako pambali pa chilichonse alembe chimene iye anachitapo pasukulu. Apa m'pamene amatulukira kuti buku losainira aphunzitsi m'mawa limakhala m'manja mwake, ndipo ndiye amadziwa amene wajomba, amene wadwala ndi amene wapita kumaliro. Mphunzitsi watsopano akafika, ndiye amamuonetsa malo ndi kumufotokozera malamulo. Amalowanso m'makalasi kukaona mmene anzake akuphunzitsira n'kulemba malipoti.

Mizere yatsopano ikhale ndi ntchito, chiwerengero ndi chotsatira chake. Mwachitsanzo: "Ndinkasunga kaundula wa kabweredwe ndi tchuthi cha aphunzitsi 18 ndi antchito ena 4, n'kupereka lipoti kwa hedi mwezi uliwonse." Wina ungati: "Ndinalandira ndi kuzoloweza ntchito aphunzitsi atsopano 6, ndipo aliyense ndinamuunika m'kalasi kawiri pa teremu." Siviyo idzalembedwa m'Chingerezi, koma kamangidwe ka mzere n'komweku. Zophunzitsa m'kalasi zisafufutidwe, zingotsika pansi n'kukwana mzere umodzi.

Pamwamba penipeni, dzina ndi nambala ya foni zikatha, pakhale ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena kuti iye ndi ndani ndipo akulowera kuti. Wowerenga asavutike kudzifunsa kuti mphunzitsi akudzatani kuno. Ngati mayiyu akuchita dipuloma ya kayang'aniridwe ka ogwira ntchito, aitchule pomwepa pamodzi ndi chaka chimene adzamalize, ndipo pa mndandanda wa maphunziro ikhale pamwamba pa satifiketi ya uphunzitsi.

Pali malire amene sayenera kuwadumpha. Udindo ulembedwe monga uliri pa kalata ya boma: wachiwiri kwa hedi, osati manijala wa ogwira ntchito. Olemba ntchito amaimbira foni mboni zimene mwatchula, ndipo hedi akanena zosiyana ndi sivi, nkhani yathera pomwepo. Komanso pasukulu ya boma aphunzitsi amachita kutumizidwa ndipo malipiro awo sakonzedwera pasukulupo, choncho mayiyu sanalembepo munthu ntchito kapena kukonza malipiro. Akadzitama nazo, funso limodzi la pa intavyu lidzamuvula.

Mpata umenewu umatsekedwa ndi kuwerenga malamulo. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati munthu wogwira masiku 5 pa sabata apeze masiku a tchuthi osachepera 15 pachaka, ndipo wogwira masiku 6 apeze 18. Limatinso munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akumunenera za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ayambe wapatsidwa mwayi wodziteteza. Pa penshoni, bwana amasonkha ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5. Amene wazidziwa izi angalembe moona kuti amadziwa malamulo a ntchito. Ndipo ngati anakhalapo mu komiti yomva mlandu wa mlonda kapena wophika wolembedwa ndi sukulu, alembe kuti analemba kalata yoitana, anamva mbali zonse ndipo anasunga maminitsi. Dzina la woimbidwa mlanduyo lisaoneke, chifukwa kusunga chinsinsi ndi mbali ya ntchito imene akuifunayo.

Sivi ikatha, isapitirire masamba 2. Werengani mizere ya pansi pa ntchito yanu yomaliza: ngati yonena za ophunzira ikuchuluka kuposa yonena za akuluakulu ndi mafailo, ikadali sivi ya mphunzitsi. Ndipo poyamba funsirani udindo wothandizira mu ofesiyo, ngakhale kusukulu munali wamkulu, chifukwa zokonza malipiro ndi kulemba anthu ntchito mudzaziphunzirira pamenepo.