Kalata ya wolipirira mwana ku yunivesite ya ku Britain: zimene amalume ayenera kudziwa asanasaine

Mwana akapeza malo pa yunivesite ya ku Britain, chisangalalo chikangozizira pamabwera funso lakuti adzalipira ndani. M'mabanja ambiri a kwathu kuno yankho lake ndi lodziwikiratu: amalume, eni mbumba, kapena azakhali amene zinthu zikuwayendera. Iwo amavomera ndi mtima wonse, n'kulemba kalata yotsimikizira kuti fizi ndi ndalama zokhalira za mwanayo zili m'manja mwawo. Koma kalata imeneyi imawerengedwa ndi maofesi awiri osiyana, ya yunivesite ndi ya viza, ndipo chimene wina walandira mnzake akhoza kuchikana.

Tiyambe ndi zimene zimayenera kulembedwamo. Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, ndipo imakhala ndi tsiku, dzina la wophunzira monga lilili m'pasipoti, nambala imene yunivesite inamupatsa, maphunziro amene akukachita ndi chaka chake. Wolembayo amatchula dzina lake, kumene amakhala, mmene angapezekere, ndi ubale wake ndi mwanayo. Kenako pamabwera mtima wa kalatayo: ndalama zingati, za chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji. Mawu akuti "ndidzamuthandiza pa zonse zofunika" ndi okoma kumva pakhomo, koma kwa kalaliki wa ku ofesi ya zachuma sanena kanthu. Iye akufuna kuona chiganizo chonga ichi: "Ndidzalipira fizi yonse ya chaka choyamba, mapaundi 16,000, komanso malo ogona ndi chakudya kwa miyezi 12." Pansi pake pakhale siginecha, ndipo ngati wolipirayo ndi kampani kapena bungwe, kalatayo ikhale pa pepala la chizindikiro chawo, yosainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yolonjeza ndalama za bungwelo.

Mayunivesite ambiri a ku Britain amasiyanitsa mitundu iwiri ya olipira. Boma, kampani kapena bungwe akalemba kalata, yunivesite imatumiza bilu kwa iwowo. Koma wachibale akalemba, mwanayo amawerengedwabe ngati wodzilipirira yekha, ndipo bilu imapita kwa iye. Ngakhale pamene wolipira ndi bungwe, mgwirizano umene wophunzira amasaina polembetsa nthawi zambiri umanena kuti wolipirayo akalephera, ngongole imagwera wophunzirayo. Choncho kalata sichotsa mtolo pamutu pa mwana. Imangosonyeza kumene akuyembekezera kuti ndalama zichokere.

Ofesi ya viza ndiye yokhwimitsa kwambiri. Pa viza ya ophunzira, amene amadziwika kuti ndi olipira ovomerezeka ndi ochepa: boma la Britain, boma la dziko la wophunzirayo, British Council, bungwe kapena kampani yogwira ntchito m'mayiko angapo, yunivesite, kapena sukulu yoima payokha. Kalata ya mmodzi wa amenewa, ikatchula kuti akulipira zonse, imakwanira popanda sitetimenti ya ku banki. Ikatchula gawo chabe, wophunzira amasonyeza zotsalazo mwa njira ina. Kwa ena onse, ndalama ziyenera kuoneka mu akaunti ya wophunzirayo kapena ya kholo lake, kapenanso ya womulera amene khoti linamuvomereza. Ya mwamuna kapena mkazi wake imaloledwa pa zifukwa zina zochepa. Akagwiritsa ntchito akaunti ya kholo, pamafunika setifiketi ya kubadwa yotchula khololo ndi kalata yovomereza kuti ndalamazo mwana azigwiritse ntchito. Akaunti ya amalume siwerengedwa, ngakhale amalumewo ndi amene anamulera kuyambira ali wakhanda, pokhapokha ngati pali chikalata cha khoti.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene watengedwa kukachita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi mumzinda wa kunja kwa London. Fizi yake ndi mapaundi 16,000, ndipo amalume ake alipira kale dipoziti ya 4,000. Yunivesite imupatsa chikalata cha pa kompyuta chotchedwa CAS, chimene chimasonyeza fizi ndi zimene zalipidwa kale. Iye aonetsetse kuti 4,000 ija yalembedwapo, chifukwa ikapanda kuoneka angafunike umboni wina wa malipirowo. Zotsala ndi 12,000. Pamwamba pake pali ndalama zokhalira, zimene boma la Britain limaika mlingo wake n'kumaukweza nthawi ndi nthawi. Pa mlingo umene unayamba mu Januwale 2025, wa kunja kwa London ankasonyeza mapaundi 1,136 pa mwezi kwa miyezi 9, pomwe wa mu London ankasonyeza 1,483. Kwa mtsikana wathuyu, 1,136 kuchulukitsa ka 9 ndi 10,224, ndipo tikaphatikiza ndi fizi yotsala zikukwana mapaundi 22,224. Mlingo wa chaka chimene mukufunsira viza mumaupeza pa gov.uk.

Ndalama zimenezi ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikapo ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza pa sitetimenti lisapitirire masiku 31 asanapereke fomu ya viza. Ndiye njira ya amalume ndi yakuti asamutsire ndalamazo mu akaunti ya mwanayo kapena ya mayi ake nthawi ikadalipo, n'kuzisiya osazikhudza. Banki ikadulapo ndalama zake za mwezi, zotsala n'kutsika pang'ono pa mlingo, masiku aja amayambiranso pa 1. Kalata ya amalume imagwirabe ntchito pamenepa, pofotokoza kumene ndalama zochuluka choncho zachokera, chifukwa wophunzira akhoza kufunsidwa.

Ngati ndalamazo zili m'makwacha pali vuto lina. Ofesi ya viza imazisandutsa mapaundi pa mtengo wa tsiku limene fomu yaperekedwa, osati tsiku limene munaziika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Banja limene linali ndi ndalama zongokwanira linadzuka zitaperewera. N'chifukwa chake ndi bwino kuika zoposera mlingo. Komanso wolemba kalata akumbukire kuti akulonjeza mapaundi pomwe amapeza makwacha, ndipo ndalama zakunja m'mabanki mwathu zimatha kusowa kwa milungu. Asanasaine afunse ku banki yake mapepala ofunika potumiza fizi kunja ndi nthawi imene zimatenga, ndipo afunsenso ku yunivesite ngati imalola kulipira m'zigawo.

Pali ena amene amabwereka ndalama kuti zingooneka pa sitetimenti, viza ikatuluka n'kubweza. Mwana amafika ku Britain m'manja muli mbee, akudalira maganyu, pomwe wophunzira digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa mlungu sukulu ili mkati. Zimenezo sizingalipire lendi ndi fizi pamodzi. Ngongole ikakula yunivesite ikhoza kumutsekera maphunziro, kumumana setifiketi, kapena kumuchotsa n'kudziwitsa boma, viza n'kufupikitsidwa. Sitetimenti yabodza ndiye yoopsa koposa, chifukwa ikadziwika mwana akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikolo mpaka zaka 10.

Choncho banja likhale pansi ndi CAS, cholembera ndi mtengo wa paundi wa tsikulo. Ngati amalume angakwanitse fizi yokha, alembe fizi yokha, ndipo zokhalira azisenze wina amene angatchulidwe dzina ndi kuchuluka kwa zimene adzapereke. Ngati chiwerengero sichikukwana, mayunivesite ambiri amalola kupempha kuti malo asungidwe mpaka chaka chotsatira, ndipo pempho limenelo lilembedwe msanga, dipoziti isanalipidwe.