Zitseko Ziwiri za Filipifulopu: Chifukwa Chake Nambala Siyenera Kuchedwa Kapena Kufulumira Kuchoka

Mu foni kapena kompyuta muli tizipangizo tambirimbiri totchedwa mafilipifulopu. Kalikonse kamasunga nambala imodzi yokha, 0 kapena 1. Nambalayo imalowera pa waya wotchedwa D n'kutulukira pa Q, ndipo imagwidwa panthawi imene magetsi a koloko, pa waya wa CLK, akudumpha kuchoka pansi kupita pamwamba.

Mafilipifulopu ambiri amakono ali ngati nyumba ya zipinda ziwiri zotsatizana, chilichonse ndi chitseko chake. Koloko ikakhala pansi, chitseko chakumaso chimakhala chotsegula, chamkati chotseka. Ikadumpha, chakumaso chimatsekeka, chamkati n'kutseguka, ndipo nambala imene yatsekeredwayo imapita ku Q.

M'chipinda choyambacho muli tizipangizo tiwiri totembenuza nambala, tolumikizidwa mozungulira. Kena kakalandira 1 kamatulutsa 0, kanzake n'kubweza 1, motero timagwirana osasiyana. Koma magetsi amafuna kanthawi kuti adutse pachitseko ndi kuzungulira monsemo. Nambala iyenera kufika msanga n'kukhazikika koloko isanadumphe. Imeneyi ndiyo nthawi yokonzekera, imene opanga amailemba kuti tsu.

Chitsekonso sichitsekeka kamodzin'kamodzi. Lamulo la koloko limatenga kanthawi kufika ku matiranzisita ochitseka, ndipo D ikasintha chitseko chili pakati, nambala yatsopano imalowerera n'kusokoneza yakale. Choncho D iyenera kukhala duu kwa kanthawi koloko itadumpha kale. Iyi ndi nthawi yodikira, th.

Kachipangizo ka SN74LS74A ka kampani ya Texas Instruments kanakonzedwa mosiyanako mkati, koma malamulo ake ndi omwewa: kamafuna mananosekondi 20 okonzekera ndi 5 odikira. Nanosekondi ndi kanthawi kamene kuwala kamayenda masentimita 30 okha. Tiyerekeze kuti koloko ikudumpha ka 10 miliyoni pa sekondi, kutanthauza kamodzi pa mananosekondi 100. Filipifulopu yoyamba ingatenge mpaka 40 kuti itulutse nambala, yachiwiri ikufuna 20 okonzekera. Zonse zapakati pa ziwirizi zatsala ndi 40 basi.

Malire akaphwanyidwa, magetsi atha kuima pakatikati, osakhala 0, osakhalanso 1, ngati ndalama yachitsulo yoima cham'mbali. Pamapeto imagwa ndithu, koma sizidziwika kuti igwa liti kapena igwera kuti, ndipo zigawo ziwiri zowerenga Q zitha kumva zosiyana.

Mainjiniya amasiyanitsa mavuto awiriwa pochepetsa liwiro la koloko. Vuto likatha, ndiye kuti nambala imafika mochedwa. Likapitirira, amakayikira nthawi yodikira, poti iyo sidalira liwiro la koloko. Mankhwala ake ndi kuika tizipangizo tochedwetsa panjira ya D, kapena kukonza mawaya a koloko kuti izifika nthawi imodzi pa mafilipifulopu onse awiri.