Atatu, Anayi, Asanu: Mmene Kalipentala Amawongolera Ngodya za Nyumba

Nyumba yokhota ngodya sidziwika msanga. Njerwa zimakwera bwinobwino, mafelemu amalowa, mwini nyumba n'kumakondwa kuti ntchito ikuyenda. Chinsinsi chimaululika tsiku lokhoma malata, chifukwa lata limachokera ku fakitale lili lowongoka ndipo silipindikira khoma la munthu. Akayala lata loyamba motsata mbali ya nyumba, lachiwiri limatsogolako pang'ono, lachitatu n'kuposa pamenepo, mpaka m'mphepete mwa denga mumaoneka ngati mano a sowo. N'chifukwa chake kalipentala wodziwa ntchito amafuna kukhalapo tsiku loyeza malo, maziko asanakumbidwe. Nkhani yaifupi iyi ikuonetsa zimene amachita akafika.

Mayi wina wogulitsa tomato pa msika wa Mponela anasunga ndalama zomangira nyumba ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi. Anaitana kalipentala wachikulire amene adzakhome denga kuti adzaone malo. Mkuluyo atafika m'mawa, anapeza mnyamata wake wophunzira ntchito atakhoma kale zikhomo zinayi ndi kukoka zingwe.

"Wayeza ndi chiyani ngodyazi, iwe?" anafunsa mkuluyo.

"Ndi sikweya, bambo. Ndinaika pa ngodya iliyonse ndipo chingwe chimagona ndendende."

Mkuluyo anatenga sikweyayo n'kuitembenuza m'manja. Inali yachitsulo, ya masentimita 30, imene amadulira matabwa a zitseko. "Iyi ndi ya pa benchi," anatero. "Ukaphonya milimita imodzi yokha pa kasikweya aka, pofika kumapeto kwa khoma la mamita 8 udzakhala utaphonya pafupifupi masentimita atatu. Ndipo diso siliona milimita imodzi pa chingwe chogwedezeka ndi mphepo. Bweretsa tepi."

Anayamba ndi chingwe cha kumaso kwa nyumba, cha mamita 6, choyang'ana kumsewu. Anati chimenecho chisasunthenso, chifukwa zingwe zina zonse zidzatsata icho. Pamwamba pa chikhomo cha pa ngodya anakhoma msomali, kuti muyezo uliwonse uziyambira pamalo amodzi enieni. Kuchokera pa msomaliwo anayeza mamita 3 motsata chingwe cha kumaso n'kuika chizindikiro. Anabwereranso pa msomali uja, nayeza mamita 4 motsata chingwe cha m'mbali, n'kuikanso chizindikiro. Kenako anapatsa mnyamatayo nsonga ya tepi kuti aigwire pa chizindikiro choyamba, iye n'kuikoka mopingasa kufika pa chachiwiri.

"Bwera uwerenge wekha."

"Mamita asanu ndi masentimita asanu, bambo."

"Payenera kukhala mamita asanu okhaokha. Ukapitirira asanu, ngodya yayasamula. Ukapanda kufika asanu, ngodya yapanikizika. Yakoyi yayasamula."

Mayi mwini nyumba, amene ankaonerera chapatali, anati masentimita asanu si chinthu choti n'kuchedwetsa nacho ntchito. Kalipentala sanatsutsane nawo. Anangotuma mnyamatayo kumapeto kwa chingwe cha mamita 8 kuti azule chikhomo ndi kusunthira chingwecho mkati pang'onopang'ono, iye akuyang'ana tepi. Tepi itawerenga mamita 5 enieni, anamuimitsa. Atayeza kuchokera pa dzenje lakale la chikhomo kufika pamene chingwe chinaima, anapeza pafupifupi masentimita 17.

"Mwaona, mayi? Masentimita asanu aja ndi awa. Bwenzi ine ndikudula malata anu kuti ndibise zimenezi, ndipo woika matailosi bwenzi akudula thailosi lililonse la m'mphepete mwa khoma."

Chimene kalipentalayu anachita chili ndi maziko ake m'masamu. Pa chinthu cha mbali zitatu chimene ngodya yake imodzi ndi ya madigiri 90, mukachulukitsa mbali iliyonse yaifupi ndi iyo yomwe n'kuphatikiza mayankho, mumapeza zofanana ndi mbali yaitali itachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Onani: 3 × 3 = 9, 4 × 4 = 16, ndipo 9 + 16 = 25, zomwe ndi 5 × 5. Lamuloli limagwiranso ntchito chobwerera, ndipo apa ndi pamene mmisiri amapindula: mbali zikakhala 3, 4 ndi 5, ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 singachitire mwina koma kukhala madigiri 90. Kusukulu lamuloli limatchedwa ndi dzina la Pythagoras, Mgiriki wa pa chilumba cha Samos amene anabadwa cha m'ma 570 Yesu asanabadwe. Koma anthu a ku Babulo ankadziwa manambala otere kalekale: phale ladothi lotchedwa Plimpton 322, lolembedwa cha m'ma 1800 Yesu asanabadwe, lili ndi mndandanda wa manambala ogwirizana ndi lamulo lomweli.

Ubwino wake ndi wakuti manambalawa amakula kapena kuchepa limodzi. Pa felemu la chitseko kalipentala angagwiritse masentimita 30, 40 ndi 50. Pa chimbudzi, masentimita 90, 120 ndi 150 akwanira. Pa nyumba yaikulu, mamita 6, 8 ndi 10. Nthawi zonse sankhani muyezo waukulu umene malo akulola, popeza kuphonya pang'ono pa muyezo waukulu sikupotoza ngodya kwambiri. Pa tepi yokhala ndi mamita mbali ina ndi mafiti mbali ina, werengani mbali imodzi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ngodya imodzi ikalungama, ntchito imakhala isanathe. Kalipentala uja anayeza makoma oyang'anizana kuti afanane, 8 ndi 8, 6 ndi 6, kenako anakoka tepi kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Pa nyumba ya mayiyu miyezo iwiriyo inayenera kukhala mamita 10 uliwonse, popeza 6, 8 ndi 10 ndi 3, 4, 5 yemweyo atawirikizidwa kawiri. Pa nyumba ya miyezo ina nambala idzasintha, koma miyezo iwiri yopingasayo iyenera kufanana. Chenjezo n'lakuti kufanana kwake kumatsimikizira ngodya pokhapokha makoma oyang'anizana ali ofanana kale.

Njirayi imanama ikayezedwa mosasamala. Tepi yolendewera pakati imawerenga zochuluka kuposa mtunda weniweni, choncho iyenera kukokedwa mpaka itakungika. Pamalo otsetsereka, kuyeza motsata nthaka kumatalikitsa mbali yotsikayo, ndiye zingwe ndi tepi ziyenera kukhala pa levulo imodzi. Chingwe cha nailoni chimatanuka, kotero zizindikiro zimayenda mukachikoka kapena kuchisuntha. Mukasuntha chingwe, yezaninso 3 ndi 4 musanakhulupirire 5. Ndipo lamuloli silikuuzani ngati khoma laima chilili. Imeneyo ndi ntchito ya levulo.

Vuto lomaliza ndi lakuti zikhomo za pa ngodya zimazulidwa pokumba maziko. Pofuna kuti muyezo usatayike, amisiri amakhoma matabwa opingasa pa zikhomo zina, pafupifupi mita imodzi kunja kwa ngalande, n'kukhomapo misomali pamene chingwe chilichonse chikudutsa. Okumba akamaliza, zingwe zimabwezeredwa pa misomali yomweyo, ndipo pamene zadutsana ndi pamene pali ngodya. Muyezo wa 3, 4, 5 ubwerezedwe pamenepo, konkire isanathiridwe, ndiponso mzere woyamba wa njerwa ukangoyalidwa, matope akadali aawisi. Pa nthawi imeneyo kukonza ngodya n'kusuntha chingwe kapena njerwa zochepa chabe, pamene khoma likafika pa windo kukonza kwake n'kugumula.