Kufufuta pulogalamu si kubweza laisensi

Munthu akandibweretsera kompyuta yatsopano kuti ndiikemo mapulogalamu, ndimayamba ndamufunsa kuti, "Yakale ija ili kuti?" Ambiri amadabwa nalo funsoli.

Mayi wina wokonza makhadi a ukwati anabwera ndi laputopu yonyezimira, ati ndimuikire Photoshop CS6, pulogalamu ya Adobe yotuluka mu 2012, imene anaigula mwalamulo. Nambala yake ya manambala 24 anali nayo, yolembedwa bwino pachikuto cha kope. Tinailowetsa, pulogalamu n'kukana. Laisensi imeneyi imalola makompyuta awiri okha, ndipo malo onse anali otengeka: ena ndi kompyuta ya kushopu, ena ndi laputopu yakale imene anagulitsa.

"Komatu ndinafufuta zonse ndisanagulitse," anatero mayiwo.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Kaundula wa laisensi sakhala m'kompyuta mwanu, amakhala kwa eni pulogalamu. Tsiku limene munaiyatsa koyamba, inatumiza uthenga pa intaneti kuti nambala yakutiyakuti yakhala pa makina akutiakuti, ndipo iwo analemba. Mukafufuta zonse mwakachetechete, iwo samva kanthu. Zili ngati kuchoka pa nyumba ya lendi usiku osatsanzika: katundu mwasamutsa, koma m'buku la alandilodi mukadali momwemo.

Kutsanzikako sikutenga mphindi zisanu. Lumikizani kompyuta yakale ku intaneti, chifukwa popanda netiweki uthenga sufika. Tsegulani pulogalamuyo, pitani pa `Help`, musankhe `Deactivate`. Ngati makinawo mukugulitsa, sankhani `Deactivate Permanently`, chifukwa imachotsanso nambala yanu, wogula asaipeze. Dikirani mpaka itsimikize, kenaka muitsegulenso. Ikakufunsani nambala, ndiye kuti malo aja amasuka. Pamenepo mukhoza kufufuta, n'kukailowetsa pa yatsopano. Ine sindilola kompyuta yakale kuchoka patebulo langa yatsopano isanavomere.

Olipira mwezi ndi mwezi pa Creative Cloud zawo n'zopepukirapo. Amadina `Help` kenaka `Sign Out`. Kompyuta ikabedwa kapena ikapsa ndi magetsi, amalowa mu akaunti yawo pa intaneti, n'kuchotsa makinawo pa mndandanda wa `Activated devices`.

Mayi aja tinawathandiza mongoyembekezera: tinamasula malo a kompyuta ya kushopu, laputopu yatsopano n'kuvomera, makhadi a ukwati wa Loweruka n'kusindikizidwa. Koma kushopu kunatsala kopanda Photoshop. Malo achiwiriwo anatsalira pa makina ofufutidwa kale, ndipo oti angawamasule ndi eni pulogalamu okha. Ndinawauza mayiwo kuti akafunefune lisiti yogulira tisanawalembere eni pulogalamuwo. Anati mwina ili m'sutikesi, pamodzi ndi masatifiketi a ana.