Uthenga Wotsatira Pambuyo pa Batani la Easy Apply

Pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti la anthu apantchito limene linayamba mu 2003 ndipo kampani ya Microsoft inaligula mu 2016, ntchito zolengezedwa zimakhala ndi mabatani a mitundu iwiri. Batani lolembedwa Apply limatengera munthu ku tsamba la kampani yofuna wantchitoyo, kumene amakadzaza mafomu aatali. Linalo, lolembedwa Easy Apply, limathera pomwepo. Limatenga dzina, imelo ndi nambala ya foni kuchokera pa tsamba la mbiri ya munthuyo, limapempha sivi, nthawi zina limafunsa mafunso angapo, ndipo m'mphindi ziwiri kapena zitatu zonse zimakhala zapita.

Kuphweka kumeneku kuli ndi mtengo wake. Popeza kufunsira sikutopetsa, anthu amafunsira ntchito zambirimbiri pa tsiku limodzi, ngakhale zimene sakuziyenera n'komwe. Wolandira amaona mndandanda wautali wa mayina, ndipo pa dzina lililonse pamakhala chithunzi, mzere umodzi wonena za ntchito ya munthuyo, malo amene akukhala, sivi ndi mayankho a mafunso aja. Kawirikawiri sipakhala kalata yofotokoza chifukwa chimene munthuyo akufunira ntchitoyo. Batani limatumiza mbiri yonse ya munthu, koma silisonyeza kuti m'mbirimo n'chiyani chikugwirizana ndi ntchito imeneyi. Mpata umenewu ndi umene uthenga waufupi wotsatira umatseka, ndipo ukapanda kuchita zimenezi ulibe ntchito ina.

Chovuta choyamba ndi kudziwa womulembera. Anthu awiri amasokonezedwa kawirikawiri. Pali wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, amene amalengeza ntchito ndi kusefa mayina, ndipo pali bwana wa nthambi imene ili ndi malowo, amene wolembedwayo azidzagwira pansi pake. Woyamba amafuna kudziwa ngati munthu ali ndi zoyenereza zimene zinalembedwa. Wachiwiri ali ndi ntchito imene yaima kapena ikumulemera chifukwa mpando uli wopanda munthu, ndiye amatchera khutu akamva za munthu amene anaigwirapo kale. Zilengezo zina zimakhala ndi kachigawo kolembedwa Meet the hiring team, kosonyeza amene anaika chilengezocho kapena amene akusankha. Ngati kachigawoko palibe, chilengezo nthawi zambiri chimatchula udindo wa amene wolembedwayo azidzayankha kwa iye, monga mkulu wa za chuma, ndipo munthu ameneyu angapezeke pa tsamba la kampaniyo pansi pa People. Kulembera munthu mmodzi woyenera n'kokwanira. Kutumiza uthenga womwewo kwa anthu asanu a mu ofesi imodzi kumadziwika msanga, chifukwa anthuwo amakhala moyandikana ndipo amauzana.

Njira yotumizira ndiyo imalamula kutalika kwa uthenga. Munthu amene sali wolumikizana ndi bwanayo akhoza kudina Connect, kenako Add a note, n'kulemba mawu ochepa operekeza pempho lolumikizana. Kwa ogwiritsa ntchito LinkedIn mwaulere, malo ake ndi zilembo 200 zokha, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo mauthenga otere amaloledwa ochepa pamwezi. Olipira amapatsidwa zilembo 300. Palinso InMail, uthenga wopita kwa munthu wosalumikizana naye, wokhala ndi mutu wake ndi malo okulirapo, koma umafuna akaunti yolipira, kupatula ngati wolandirayo anatsegula tsamba lake kuti aliyense amulembere. Njira yachitatu ndi imelo, ngati chilengezo kapena tsamba la kampani laionetsa poyera. Nambala ya foni ya bwana imene munthu waipeza kudzera mwa mnzake si njira yoyenera, ndipo uthenga wa pa WhatsApp usiku umaoneka ngati kulowa m'nyumba ya munthu popanda odi.

Zilembo 200 ndi ziganizo zitatu basi. Apa mwambo wabwino wa kwathu umatha kugwetsa munthu. Kalata yachichewa, ngakhale yachingerezi yolembedwa ndi mtima wachichewa, imayamba ndi moni, kufunsa za moyo, kudzichepetsa ndi kupepesa posokoneza. Pamaso ndi pamaso zimenezi ndi ulemu weniweni, koma m'kabokosi aka zimadya malo onse nkhani isanayambe. Komanso wolandira amayamba waona mawu oyambirira okha pa foni yake, ndipo mawu amenewo ndi amene amamuchititsa kutsegula kapena kupitirira. Ulemu umakwana m'mawu amodzi oyambira, Bambo kapena Mayi pamodzi ndi dzina lawo lolembedwa molondola, ndi zikomo kumapeto.

Chitsanzo chingathandize. Tiyerekeze kuti bungwe lina lomwe si laboma ku Lilongwe lalengeza ntchito ya wothandizira za chuma. Chilengezo chikufuna dipuloma ya zowerengera ndalama, zaka ziwiri pantchito, kudziwa QuickBooks, ndiponso kuzolowera kulemba malipoti a ndalama zochokera ku mabungwe othandiza. Mtsikana wina ali ndi zonsezi, koma pa tsamba lake la mbiri pangolembedwa kuti ndi kalaliki wa maakaunti pa sukulu ina ya mishoni. Wosefa mayina akaona mawu akuti sukulu angaganize kuti mtsikanayu amangolandira fizi. Chimene sichikuoneka n'chakuti sukuluyo imalandira thandizo kuchokera ku mabungwe awiri akunja, ndipo iye ndi amene amalemba malipoti awo miyezi itatu iliyonse. Zimenezi zili m'sivi, koma pa tsamba lachiwiri, kumene wowerenga wothamanga safikako.

Uthenga umene ambiri angalembe umati wolembayo ndi wolimbikira ntchito, wokhulupirika, ndipo akupempha kuti aganiziridwe. Palibe bodza m'menemo, koma palibenso chimene bwana angatsimikize, ndipo aliyense pamndandanda uja anganene zomwezo. Uthenga wothandiza ungakhale wotere, ngakhale kuti weniweniwo umalembedwa m'chinenero cha chilengezo, chimene nthawi zambiri chimakhala Chingerezi:

"Mayi, Lolemba ndinafunsira ntchito ya wothandizira za chuma. Kwa zaka 3 ndalemba malipoti a ndalama za mabungwe awiri othandiza pa QuickBooks. Chonde onani sivi yanga. Zikomo."

Uthengawu sukwana zilembo 200, ndipo chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Choyamba chimatchula ntchitoyo monga inalembedwera, pamodzi ndi tsiku, kuti wolandira apeze dzinalo mosavuta. Bungwe limodzi likhoza kulengeza ntchito zinayi nthawi imodzi, ndiye mawu akuti ntchito imene munalengeza ija sathandiza. Ngati chilengezo chili ndi nambala yake, iyeneranso kulembedwa. Chiganizo chachiwiri ndicho mtima wa uthenga. Chatenga chofunika chimodzi cha m'chilengezo, chimene ofunsira ambiri sangakhale nacho, n'kuchilumikiza ndi umboni woti ukhoza kufufuzidwa. Dipuloma sinatchulidwe chifukwa pafupifupi onse ofunsira ali nayo. Chachitatu chikupempha chinthu chaching'ono chimene munthu wotanganidwa angachite mu mphindi imodzi. Kupempha kukumana, kuimbiridwa foni kapena kuuzidwa malipiro pa uthenga woyamba n'kupempha zochuluka kwa munthu amene sanakudziwe.

Pa imelo kapena InMail malo amakhalapo, koma uthenga suyenera kukula kwambiri. Mutu ukhale dzina la ntchito ndi dzina la wofunsira, ndipo ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwanira. Malo owonjezerawo ndi oika umboni wachiwiri, mwachitsanzo kuti mtsikana uja ndiye amakonza mabuku oyendera ndalama akamabwera chaka ndi chaka. Pa imelo ndi bwino kuikaponso sivi yomweyo imene inatumizidwa, osati ina yokonzedwanso. Zaka ndi maudindo zikasiyana pakati pa uthenga, sivi ndi tsamba la mbiri, wolandira amasiya kukhulupirira zonse zitatu, ndipo chinthu choyamba chimene amachita akalandira uthenga ndi kudina dzina kuti aone tsambalo. N'chifukwa chake tsamba liyenera kukonzedwa uthenga usanapite.

Za nthawi, mauthenga ali pawiri. Wongodziwitsa ngati wa m'chitsanzowu umapindula ukapita tsiku lomwelo kapena lotsatira, mayina asanasefedwe. Wofunsa mmene zinthu zikuyendera umadikira tsiku lotsekera lidutse ndi sabata imodzi kapena ziwiri. LinkedIn imapereka zizindikiro zina pa mndandanda wa ntchito zimene munthu wafunsira: Application viewed kutanthauza kuti wina watsegula pempholo, ndi Resume downloaded kutanthauza kuti watenga sivi. Zizindikirozi sizitanthauza kuti munthu wasankhidwa, ndipo kusaoneka kwake sikutanthauza kuti wakanidwa, chifukwa makampani ambiri amalandira mapempho kudzera m'mapulogalamu awoawo monga Greenhouse kapena Lever. Kulembera bwana kuti ndaona mwatsegula sivi yanga koma simunayankhe kumangomuchititsa kumva ngati akulondedwa. Uthenga woyamba ukapanda kuyankhidwa, wina umodzi wokumbutsa ndi malire.

Pali zimene uthenga sungakonze. Wolengeza ntchito akhoza kusankha kuti ena mwa mafunso a Easy Apply akhale okakamiza, ndipo amene yankho lake silikufika pa mlingowo amachotsedwa pamndandanda waukulu ndi makina, mwina n'kulandira uthenga wokana popanda munthu kuona sivi yake. Mtsikana uja akanalemba 1 m'malo mwa 3 pa funso la zaka, uthenga wake ukanakhala ndi ntchito ina, yonena cholakwikacho mosabisa ndi kupempha kuti pempho lake lionedwenso. Koma ngati zakazo alibedi, mawu okoma sangaziwonjezere.

Palinso malo amene uthenga wotere umavulaza mwini wake. Zilengezo zina, makamaka za boma ndi mabungwe akuluakulu, zimachenjeza kuti aliyense woyesa kukopa osankha adzachotsedwa, ndipo zina zimati asaimbe foni kapena kulemba. Pamenepo kukhala chete ndiko kutsatira malamulo, ndipo funso lenileni lipite ku adiresi imene yaperekedwa m'chilengezo. Kumene uthenga ukuloledwa, usatchule chibale, mudzi, mpingo kapena mavuto a kunyumba, chifukwa zoterezi zimaika bwana pamalo ovuta ndipo woona mtima amazipewa.

Yankho likabwera, liyenera kuonedwa bwino lisanakondwereredwe. Akuba amatsegula masamba abodza a mabwana ndi kulengeza ntchito zomwe kulibe. Tsamba latsopano lokhala ndi anthu ochepa olumikizana nalo, imelo imene sikutha ndi dzina la bungwe, ndiponso kufulumira kusamutsira nkhani ku WhatsApp ndi zizindikiro zokayikitsa. Wina akapempha ndalama ya fomu, ya kuchipatala kapena ya maphunziro kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba intavyu isanachitike, wofunsira asatumize kanthu, ndipo aimbire bungwelo pa nambala ya pa tsamba lake lenileni kuti afunse ngati ntchitoyo ilipodi.