Makope akulipirira makadi a ukwati

Tiyerekeze kampani yosindikiza yomwe ili ndi makina amodzi, ndipo imapanga makope a sukulu ndi makadi a ukwati. Mapepala ndi inki savuta kuwerengera, chifukwa amaoneka kumene apita. Zovuta ndi ndalama zoyendetsera fakitale yonse, monga za magetsi, zokonzetsera makina ndi malipiro a amisiri. Tinene kuti zimenezi zimakwana K6,000,000 pamwezi.

Njira yozolowereka ndi ya mlingo umodzi. Makina akagwira maola 600, ola lililonse limasenza K10,000. Makope 50,000 atenga maola 500, ndiye asenza K5,000,000. Makadi 10,000 atenga maola 100, asenza K1,000,000. Kope ndi khadi zonse zikutuluka pa K100.

Koma amene anaimapo pafupi ndi makina amadziwa kuti makope mukangowatchera, amayenda tsiku lonse. Makadi ayi. Banja lililonse limafuna mtundu wake ndi mayina ake, choncho mmisiri amaimitsa makina, kutsuka inki, kusintha mapuleti, n'kuyeserera kangapo asanayambe. Ntchito imeneyi sioneka m'maola amene makina akusindikiza.

Apa mpamene pamathandiza njira yogawa ndalama potsata ntchito, imene Robin Cooper ndi Robert Kaplan anaitchukitsa ku Amereka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mumayamba mwafunsa kuti ndalamazo zikudyedwa ndi ntchito iti. Tinene kuti K3,600,000 ndi yoyendetsa makina, kutanthauza K6,000 pa ola, ndipo K2,400,000 ndi yotchera makina maulendo 60, kutanthauza K40,000 ulendo uliwonse. Makope anafuna kutchera maulendo 10 okha, makadi maulendo 50. Tsopano makope asenza K3,400,000, makadi K2,600,000. Ndalama zonse zikadali K6,000,000, koma kope latsikira pa K68, pamene khadi lakwera kufika pa K260.

Kusiyana kumeneku kumandidetsa nkhawa, chifukwa mitengo yogulitsira imachokera pa ziwerengerozi. Mwini kampani amadulitsa makope, masukulu n'kukagula kwina, kwinaku akutchipitsa makadi amene akumudyera phindu. Chizindikiro chake n'chakuti anzanu amakuposani mosavuta pa katundu wochuluka, pamene maoda ang'onoang'ono ovuta amangokhamukira kwa inu, makasitomala osanenerera n'komwe.

Njirayi ili ndi malire ake. Imafuna munthu wolemba mokhulupirika ulendo uliwonse makina akatcheredwa, ndipo ndalama zina, monga lendi ndi malipiro a mlonda, palibe katundu amene amazichititsa. Komanso kusiya makadi sikupulumutsa K2,600,000 ngati amisiri akulandirabe malipiro omwewo. Nthawi zambiri chanzeru n'kulipiritsa padera ndalama yotchera makina pa oda iliyonse. Kampani yosindikiza makope okhaokha a masaizi awiri, otcheredwa mofanana, mlingo umodzi umaikwanira.